Mwamuna kapena mkazi wanu akamwalira ali pantchito: momwe mungatsatire ndalama za penshoni ndi umboni umene adzakufunsani

Munthu amene anali wolembedwa ntchito, kaya ku esiteti ya tiyi, ku sukulu kapena ku kampani ya alonda, akamwalira amasiya ndalama zimene sizili m'nyumba ndipo sizili m'manja mwa mwini mbumba. Zili ku kampani yosunga penshoni, ndipo sizituluka chifukwa choti mudzi wonse ukudziwa kuti inu ndinu mkazi wa malemu. Amene amavomereza kuti zilipidwe amakhala mu ofesi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, sanabwere pa chinkhoswe chanu ndipo sanaone ana anu akubadwa. Amafuna aone pa pepala zinthu zitatu: kuti munthuyo wamwaliradi, kuti inu munali naye pabanja, ndi kuti anawo ndi ake. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje chovuta kwambiri chimakhala chachiwirichi, chifukwa maukwati ambiri anamangidwa ndi ankhoswe pakhonde, popanda satifiketi.

Tiyeni titsate nkhani imodzi yongoyerekeza. Bambo wina wa m'dera la T/A Bvumbwe anali kapitawo ku esiteti, wolembedwa mokhazikika, ndipo ankalandira K150,000 pa mwezi. Wamwalirira kunyumba atadwala. Wasiya mkazi amene anakwatirana naye pa chinkhoswe chokha, ana awiri a m'nyumbamo, wina wa zaka 19 wina wa zaka 9, ndi mwana wina wa zaka 15 wa kunja kwa banja, amene akukhala ndi agogo ake ku Limbuli. Ziwerengero zonsezi ndi zachitsanzo chabe.

Sungani mapepala maliro asanathe

Masiku a maliro m'nyumba mumalowa aliyense, ndipo chikwama cha malemu chimakonda kusowa nthawi imeneyi. Pemphani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira atenge n'kusunga kwina chiphaso cha unzika cha malemu, chiphaso cha kuntchito, kapepala ka malipiro ka mwezi uliwonse kamene mungapeze, buku lake la kuchipatala, makadi a sikelo a ana ndi makadi a ubatizo. Kapepala ka malipiro musakapeputse. Pamakhala nambala yake ya kuntchito, ndipo ngati ankadulidwa ya penshoni, mzere wake umaonekera pomwepo.

Abambo amene mwafedwa akazi muli pa chikamwini, izi zikukhudzani kwambiri. Akakusudzulani mumabwerera kwanu ndi kachikwama ka zovala, mapepala onse n'kutsala kuchikazi pamodzi ndi ana. Ngati akazi anu anali mphunzitsi, namwino kapena kalaliki, inu ndinu wamasiye pamaso pa lamulo chimodzimodzi mkazi wofedwa. Kusudzula kumamasula munthu pa mwambo, koma sikufafaniza ukwati umene unalipo tsiku limene mnzanu anamwalira. Jambulitsani mapepala onse musanachoke pamudzipo.

Choyamba, lembetsani imfa

Kalata ya maliro imene amfumu amalemba kuti anthu akaike thupi si satifiketi ya imfa. Satifiketi imachokera ku ofesi ya kalembera ya NRB, imene ili ku ofesi ya bwanamkubwa pa boma la Thyolo ndi pa boma la Mulanje. Munthu akamwalirira m'chipatala, a chipatala amadzaza fomu yonena za imfayo, ndipo ndiyo imayambitsa zonse. Akamwalirira kumudzi, monga bambo wa m'chitsanzo chathu, njira imadzera kwa nyakwawa: amfumu amachitira umboni kuti munthu wawo wamwalira tsiku lakuti, n'kudinda chidindo chawo, ndiye mumapita nazo ku NRB pamodzi ndi chiphaso cha malemu ndi chanu. Imfa ikakhala ya ngozi kapena yokayikitsa, pamafunikanso lipoti la apolisi.

Fomu isanachoke m'manja mwanu, yerekezani dzina limene lalembedwa ndi limene lili pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Tsiku lomwalira nalo likhale lenileni, osati tsiku loika maliro. Mukalandira satifiketi, jambulitsani makope angapo, chifukwa kuntchito adzafuna yawo, kubanki yawo, ndipo yeniyeniyo musamasiye pa tebulo la munthu aliyense. Muzionetsa n'kubwerera nayo.

Chachiwiri, pitani kuntchito mukafunse mafunso anayi

Kalaliki wa za antchito ndiye khomo lanu, chifukwa fomu yopempha ndalama za imfa imadzera kwa olemba ntchito, amene amaisayina n'kuitumiza ku kampani yosunga penshoni. Musapite kukangoti tabwera kudzamva za ndalama za malemu. Funsani dzina la kampani imene imasunga penshoni yawo, nambala ya malemu ku kampaniko, ngati malemu anadzaza fomu yosankha odzalandira, ndiponso ngati ndalama zimene ankadulidwa zinkatumizidwadi mwezi ndi mwezi. Lembani mayankhowo, dzina la amene wakuyankhani ndi tsiku lake.

Ndi bwino mudziwe kuti ndalama zake si za mtundu umodzi. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni, ndipo lamulo latsopano la 2023 linapitiriza zimenezi. Wantchito amadulidwa 5 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezera 10, ndipo zimenezi zimaunjikana pamodzi ndi phindu lake. Palinso inshuwalansi ya moyo imene bwana amayenera kudulira wantchito aliyense wa pa penshoni, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kwa kapitawo wathu, inshuwalansiyo ndi K150,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12, zimene ndi K1,800,000. Tinene kuti penshoni yake inaunjikana kufika K2,200,000. Zonse pamodzi ndi K4,000,000. Anamfedwa ambiri amangomva za penshoni, ya inshuwalansi osaifunsa, pamene kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zochepa inshuwalansiyo ndiyo imakhala yochuluka.

Malipiro a masiku amene anagwira mwezi womwalirawo ndi a tchuthi chimene sanapite ndi zina, amalipira ndi bwana. Bokosi, galimoto ndi chipepeso chimene a kuntchito anabweretsa pa maliro si penshoni, ndipo munthu asakuuzeni kuti nkhani inathera pamenepo. Ngati malemu anafa chifukwa cha ngozi ya pantchito, monga kugwidwa ndi makina ku fakitale kapena kugubuduzika ndi thirakitala ya kampani, pali chipukuta misozi china cha lamulo la 2000, chokwana malipiro a miyezi 42, ndipo nkhani yake imayambira ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Othyola tiyi a nyengo ya mvula yokha nthawi zambiri sakhala pa dongosolo lofanana ndi olembedwa mokhazikika, choncho kapepala ka malipiro kaja ndiko kakuuzeni ngati ya penshoni inkadulidwa.

Fomu imene malemu anadzaza

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadabwa. Ndalama za penshoni ndi inshuwalansi yake sizigawidwa ngati mbuzi ndi njinga za malemu. Zimatsata fomu imene mwini wake anadzaza ali moyo, yotchula mkazi kapena mwamuna wake, ana kapena abale apafupi, ndi gawo la aliyense. Ngati kapitawo wathu analemba kuti mkazi wake alandire 40 pa 100 ndipo ana atatuwo 20 aliyense, ndiye kuti mayi alandira K1,600,000, mwana aliyense K800,000. Malume a malemu, ngakhale akhale mwini mbumba wolemekezeka chotani, sangasinthe zimenezi pa bwalo la kumudzi.

Fomu ikhoza kukhala yakale. Munthu anaidzaza ali mnyamata, natchula mayi ake ndi mlongo wake, kapena anatchula mkazi amene anasiyana naye kalekale. Musangogwa ulesi mukamva zotere. Uzani a kampani ya penshoni, mwa kalata, tsiku limene munakwatirana ndi mayina a ana onse, chifukwa ukwati kapena kutha kwa banja kumene kwachitika fomu itadzazidwa kale kukhoza kuichotsera mphamvu. Fomu ikakhala palibe kapena yopanda mphamvu, oyang'anira thumba la penshoni ndiwo amafufuza amene ankadalira malemu pa chakudya, sukulu ndi pogona, n'kugawa okha. Pamenepa umboni wanu ndi umene umakuyankhulirani.

Chachitatu, umboni wa ukwati

Amene anadalitsa ukwati ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kapena anakalembetsa kwa bwanamkubwa, atenge satifiketi yawo. Ikasowa, bwererani kumene munakwatitsira. Maparishi ndi mipingo ikuluikulu amasunga mabuku a maukwati, ndipo abusa kapena abambo mfumu akhoza kulemba kalata yotchula tsiku ndi nambala ya m'bukumo.

Mayi wa m'chitsanzo chathu alibe satifiketi, koma ukwati wake si wochepa. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa pa mwambo mofanana ndi wa ku tchalitchi ndi wa kwa bwanamkubwa. Chofunika ndi kusandutsa zimene ankhoswe akudziwa kuti zikhale pa pepala, ndipo zimayenda motere.

Pitani kwa nyakwawa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Wa kuchimuna ndiye wofunika koposa, chifukwa mawu a m'bale wa malemu amalemera kuposa a m'bale wanu, amene aliyense angati akungokuikirani kumbuyo. Kalata ya amfumu isangoti mayiyu ndi wa m'mudzi mwanga, muthandizeni. Itchule dzina lonse la malemu ndi lanu monga alili pa ziphaso, manambala a ziphasozo, chaka cha chinkhoswe, mayina a ankhoswe, mayina ndi zaka za ana, ndi mawu akuti banjali linalipo mpaka tsiku la imfa. Mawu omalizawa ndi amene a penshoni amayang'ana, popeza mkazi wosiyidwa ndi mkazi wamasiye ndi anthu awiri osiyana. Kalatayo ipite kwa gulupu ndi kwa a T/A kuti adinde, kenako ku ofesi ya bwanamkubwa, imene kalata yake maofesi a m'tauni amaikhulupirira kwambiri.

Kawirikawiri amafunanso chikalata cholumbira, chimene ambiri amati afidaviti. Nkhoswe amanena zimene akudziwa, zimalembedwa, ndipo amalumbira n'kusayina kapena kudinda chala pamaso pa majisitireti kapena loya. Nkhoswe akakhala kuti anamwalira, amene analowa m'malo mwake kapena wamkulu wina amene analipo pa chinkhoswe akhoza kulumbira. Kunama pa chikalata chotere ndi mlandu, choncho musalole munthu kulumbira zimene sanaone pofuna kukuthandizani, chifukwa bodza limodzi likagwidwa limaipitsa ndi zoona zomwe.

Ndikudziwa kuti pena akuchimuna amakana dala, kapena amati tikusayinirani mukalonjeza kutigawira. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa nkhoswe yemweyo ndi amene ankaweruza milandu ya banjalo zaka zonse. Yambani mwaulemu, pamaso pa amfumu: "Malume, inu ndi amene munatimangira banjali. Sindikupempha kuti mundikomere mtima, ndikupempha munene zimene munaona, ana a m'bale wanuwa apite ku sukulu." Akakanabe, sonkhanitsani umboni wina: kalata ya mpingo, fomu ya kuntchito imene malemu anakulembani ngati mkazi wake, kalata ya kapitawo mnzake kapena ya oyang'anira nyumba za pa esiteti ngati munkakhala ku malayini. Kenako pitani kwa majisitireti.

Khoti ndi njira yokhayo kwa amene munangolowana popanda chinkhoswe. Lamulo lomwelo la 2015 limalola khoti kugamula kuti panali ukwati ngati munakhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu, poyang'ananso ngati munkakhala nyumba imodzi, mmene munkathandizirana pa chuma, ana amene munabereka ndi mmene anthu ankakuonerani. Amfumu sangagamule zimenezi, ndipo kampani ya penshoni singagamule. Ngati simungathe kulipira loya, bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu otere. Pa mitala ya pa mwambo, mkazi aliyense amabweretsa umboni wakewake, ndipo kubisa mnzanu kumangoimitsa fayilo yonse tsiku limene adzatulukire.

Chachinayi, umboni wa ana

Umboni wamphamvu ndi satifiketi ya kubadwa ya ku NRB yotchula dzina la malemu ngati bambo kapena mayi. Kulembetsa ana kunakhala kokakamiza mu 2015, choncho mwana wa zaka 9 uja mwina analembedwa kuchipatala pobadwa, kungoti satifiketi sinatengedwe. Kafunseni. Wa zaka 19 ali ndi chiphaso chakechake, popeza chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Mwana amene sanalembedwe akhoza kulembetsedwa mochedwa, ndi umboni wa amfumu ndi mapepala monga kadi ya sikelo, kadi ya ubatizo kapena kalata ya ahedi a pa sukulu yake.

Mwana wa ku Limbuli uja alembedwe nawo. Malamulo a dziko lino salola kusiyanitsa ana chifukwa cha mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana wa kunja kwa banja, mwana woleredwa mwalamulo, ngakhale amene ali m'mimba bambo ake akumwalira. Mayi amene ali woyembekezera anene zimenezi polemba fomu, ndipo aonetse buku la sikelo.

Gawo la mwana wosakwana zaka 18 siliperekedwa m'manja mwa munthu wamkulu lonse nthawi imodzi. Limasungidwa m'dzina la mwanayo mpaka akule, ndipo womulera amapempha zapang'onopang'ono za fizi, yunifomu, chakudya ndi chipatala, akuonetsa kalata ya kusukulu kapena malisiti. M'chitsanzo chathu wa zaka 19 alandira K800,000 yake yekha, ya wa zaka 9 isungidwa ndipo mayi ake ndiwo azipempha, ya wa ku Limbuli azipempha ndi agogo ake. Agogowo adzafunika kalata yosonyeza kuti mwanayo amagona m'nyumba mwawo ndi kudya m'mbale mwawo, yochokera kwa amfumu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Ana amene makolo onse awiri anamwalira ndiwo amaberedwa mosavuta, chifukwa amalume amene sanawagulirepo ndi kope lomwe amatha kutulukira kuti ndine wowalera. Aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo amene mukudziwa kumene anawo akukhala, kanenani ku ofesi imeneyi ndalama zisanatuluke.

Mayina osiyana

Mafayilo ambiri amaima pa nkhani yooneka yaing'onoyi. Kale anthu ankalowa ntchito ku esiteti ndi dzina la mchimwene wawo kapena dzina la ku ubwana, ndipo pa kalembera wa ziphaso wa 2017 analembetsa dzina lina. Ana kuno ena amatenga dzina la agogo a kuchikazi, mwana n'kukhala ndi dzina la makolo losiyana ndi la bambo ake. Mkazi pa fomu analembedwa ndi dzina la pamudzi, pa chiphaso pali la ubatizo. Kwa amene akuwerenga fayilo, amenewa ndi anthu awiri. Yalani mapepala onse pamphasa, muyerekeze mayina ndi masiku obadwa. Pamene pali kusiyana, lumbirani chikalata chonena kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, ndipo a kuntchito alembe kalata yovomereza. Chitani zimenezi fayilo isanatumizidwe, chifukwa ikabwezedwa imakayambiranso kumbuyo kwa mzere.

Dzina la pa akaunti ya ku banki nalo lifanane ndi la pa chiphaso chanu, ndipo akauntiyo ikhale yanu. Musapereke ya mlamu wanu kapena ya mwana wa achemwali anu chifukwa choti iye ndi wodziwa za m'tauni. Ngati simutha kuwerenga, wina amene si wolandira nawo akuwerengereni pepala lililonse musanadinde chala.

Fayilo ikapita

Pemphani kopi ya fomu imene yatumizidwa ndi tsiku lake. Pakapita milungu ingapo, imbani kapena pitani ku kampani ya penshoni ndi nambala ya malemu, mufunse ngati fayilo inafika ndi chimene chikusowa. Yankho lawo limaulula pamene pali vuto. Akati sitinalandire, yagona kuntchito. Akati tikudikira chikalata chakuti, mpira uli kwa inu. Akati ndalama za miyezi ina sizinabwere, ndiye kuti bwana ankadula koma osatumiza, ndipo imeneyo ndi ngongole ya bwanayo, si ya malemu. Dandaulo lotere, ndi lina lililonse lokhudza kampani ya penshoni kapena ya inshuwalansi, limapita ku banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani amenewa. Lembani kalata, muikemo makope a timapepala ta malipiro toonetsa kuti ankadulidwa.

Kwa amene anali wa m'boma, monga mphunzitsi, fayilo imayambira ku ofesi ya dipatimenti yake pa boma n'kupita ku unduna, ndipo pogawa ndalama pamadzera ofesi ya bwanamkubwa kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye. Umboni wake ndi womwewu. Ndalama za malemu za ku banki, nyumba ndi katundu zili pa njira ina, ya chuma cha masiye: popanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo, ndipo banki imafuna chilolezo cha khoti isanatulutse ndalama. Wachibale akalanda katundu, khadi ya ku banki kapena mapepala a malemu, umenewo ndi mlandu wokhoza kumangitsa munthu pansi pa lamulo la 2011 lija. Kanenani ku polisi ya kwanuko, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mutatenga kalata ya amfumu ndi mndandanda wa zimene zatengedwa.